Mtengo wa Oda ndi Mtengo wa Pashopu Zikamalimbana: Koyang'ana ndi Kokonza

Dandaulo ili limabwera mobwerezabwereza kwa amene amapanga katundu wawo, nkumagulitsa pashopu pawo komanso kupikulitsa kwa eni maokala ndi magolosale. Mwezi uno opikula akuti mwawapondereza, mwezi wamawa ndinu mukudandaula kuti akulandani makasitomala. Kawirikawiri gwero lake ndi limodzi: mwini katundu amaiwala kuti shopu yake nayo ndi wopikula. Amaona ngati poti katundu ndi wake angagulitse pamtengo uliwonse umene wamufikira m'mutu, osadziwa kuti akudula nthambi imene wakhalira.

Ndigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto: mayi wopanga chiponde, amene ali ndi kashopu ku Kawale mu Lilongwe ndipo amapikulitsa kwa eni maokala khumi. Mitengo ili m'munsiyi ndi yongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo yanu.

## Yambani mwalemba manambala atatu

Musanafufuze vuto lililonse, manambala awa akhale papepala, osati m'mutu.

Yoyamba ndi ndalama imene botolo limodzi limadya kuti lipangidwe. Mayi uja amagula makilogalamu 50 a mtedza wosenda pa K3,000 kilogalamu. Akasankha woola, kukazinga ndi kupeta, amatsala ndi makilogalamu 42, omwe amadzaza mabotolo 84 a magalamu 500.

- Mtedza: K150,000
- Mabotolo ndi malebulo, K450 lililonse: K37,800
- Makala ndi kugayitsa: K21,000
- Mchere ndi shuga: K4,200
- Aganyu osankha ndi kupeta: K18,000
- Thiransipoti yokatengera mtedza: K8,000
- Malipiro a mwini wake: K13,000

Zonse pamodzi ndi K252,000. Kugawa ndi 84, botolo limodzi ladya K3,000.

Yachiwiri ndi mtengo umene wogula mmodzimmodzi angalipire osanyinyirika. Uwu simuupeza powerengera kunyumba. Mukazungulire magolosale a m'dera lanu, muone chiponde cha ena cha kukula komweko chikupita pa zingati. Tinene kuti mwapeza K5,000.

Yachitatu, mtengo wa oda, imachokera pa yachiwiri pobwerera m'mbuyo. Mukafuna kuti wopikula atsale ndi 22 peresenti ya mtengo umene agulitsire, masamu ake ndi awa:

```
5000 × (1 − 0.22) = 3900
```

Ndiye kuti botolo ladya K3,000, mukupikulitsa K3,900, ndipo pashopu panu ndi paokala pomwe likupita K5,000. Inu mwadya K900 popikulitsa, wopikula wadya K1,100. Masamu amenewa akakupatsani mtengo wa oda wongoposa pang'ono K3,000, musathamangire kufinya wopikula. Ndiye kuti katunduyo sanafike popikulitsa, muyambe mwachepetsa zimene akudya popangidwa.

Tsopano shopu yanu muilembe m'kaundula ngati wopikula wa nambala 11. Botolo likamachoka kopangira kupita pashelefu, lembani kuti shopu yagula pa K3,900. Lendi, magetsi ndi malipiro a wogulitsa zikakwana K180,000 pamwezi ndipo shopu imagulitsa mabotolo 300, botolo lililonse lasenza K600. Pa K1,100 ija shopu imatsala ndi K500 yokha. Ambiri amadabwa akaona nambala imeneyi, chifukwa ankaganiza kuti pashopu amadya K2,000 yathunthu.

## Chizindikiro 1: Opikula akuchepa, ena akungoti "katundu wanu sakuyenda"

Choyambitsa chofala kwambiri: mukuwapikisa ndinu nomwe. Mtengo wolembedwa pashelefu ndi K5,000, inde, koma kasitomala akanenerera mumamupatsa pa K4,500. Wachibale mumamupatsa pa K4,000. Wogula awiri mumamuikira kabotolo ka banyira. Nkhani ya mtengo siichedwa kufala m'dera. Mayi amene wagula kwa inu pa K4,500 akafika paokala nkumva K5,000, amauza mwini okala kuti ndi wakuba, ndipo mwini okalayo sabweranso kwa inu. Sangakuuzeni chifukwa chake, angoti ndalama zavuta.

- Kufufuza: tengani ndalama zonse za chiponde zimene shopu yapeza m'mwezi, mugawe ndi mabotolo amene achoka pashelefu, kuphatikizapo a banyira. Yankho likatsika pansi pa K4,900, mtengo wanu weniweni si umene mwalemba.
- Tumani munthu amene wogulitsa wanu samudziwa akagule botolo limodzi nkunenerera. Mumva nokha.
- Kukonza: pashopu panu musatsike pansi pa mtengo umene mumalangiza opikula. Ngati mufuna kutsitsa pa nthawi ya Khirisimasi, tsitsaninso mtengo wa oda pa masiku omwewo ndipo muwadziwitse kusanachitike.

Kutsitsa mtengo pashopu kumaoneka kokoma, koma taonani masamu ake. Pa K5,000, kusiyana kwa mtengo wogulitsira ndi wopangira ndi K2,000, ndipo mabotolo 300 amabweretsa K600,000. Mukatsitsa kufika K4,500 kusiyanako ndi K1,500, ndiye mufunika mabotolo 400 kuti mungofika pomwe munali. Uku opikula khumi aja, aliyense akatenga madazeni awiri pamwezi, amakubweretserani K216,000. Imeneyo ndiyo mukuiika pachiswe pofuna kusangalatsa kasitomala mmodzi wodziwa kunenerera.

Chachiwiri: phindu limene munawalonjeza si limene akupeza. Apa pamasokonekera anthu ambiri, ngakhale odziwa kalikuleta. Kuonjezera 25 peresenti pa mtengo wogulira si chimodzi ndi kutsala ndi 25 peresenti ya mtengo wogulitsira. Wogula pa K4,000 nkugulitsa K5,000 waonjezera 25 peresenti, koma pa K5,000 imene walandira, yake ndi 20 peresenti. Mukamakambirana ndi wopikula, inu mukunena iyi iye akumva inayo, mkangano sulephera. Ngati mumalemba pakompyuta, mtengo wogulira uli mu A2 ndipo wogulitsira mu B2, gawo la wopikula ndi ili:

```
=(B2-A2)/B2
```

Koma polankhula ndi mwini okala, siyani maperesenti. Muuzeni m'makwacha: "Achimwene, dazeni mutenga pa K46,800, mukagulitsa lonse mupeza K60,000, yanu ndi K13,200."

Chachitatu: thiransipoti ikudya gawo lawo. Wochokera ku Area 25 akalipira K2,400 ulendo wobwera ndi wobwerera chifukwa cha dazeni limodzi, botolo lililonse lataya K200. Wokhala pafupi nanu sataya kanthu. Mukaona kuti amene asiya kubwera ndi akutali okhaokha, vuto ndi limeneli. Konzani tsiku limodzi pasabata loperekera katundu dera limodzi, kuti ulendo umodzi wa kabaza ufikire anthu atatu kapena anayi.

Chachinayi, chosowa koma choopsa: katundu akukhalitsa pashelefu. Mwini okala sawerenga phindu la botolo lokha, amawerenganso masiku amene mpamba wake wagona. K46,800 ikabwerera m'sabata imodzi amakondwa. Ikagona miyezi iwiri, angakonde kuiika mu shuga ndi sopo, zimene phindu lake ndi lochepa koma zimatuluka tsiku ndi tsiku. Kumuonjezera phindu sikuthandiza pamenepa. Yesani botolo laling'ono la magalamu 250, kapena mulole kuti atenge theka la dazeni kwa miyezi iwiri yoyamba.

## Chizindikiro 2: Opikula akugulitsa motchipa kuposa inu, pashopu pazizira

Choyambitsa chofala kwambiri: munatsitsira wina mopitirira. Kumabwera munthu wa golosale yaikulu nkuti atenga mabotolo 120 ngati mumupatse pa K3,300. Ndalama ya nthawi imodzi imakopa, mumavomera. Iye akagulitsa pa K4,300 adyabe K1,000 pa botolo, pafupifupi chimodzimodzi ndi anzake amene akugulitsa pa K5,000. Inu mwatsala ndi K300. Choipa kwambiri, angayambe kupikulitsa kwa eni maokala anu omwe pa K3,700, ndipo inu mudzangoona akuzimiririka mmodzimmodzi.

- Kufufuza: lembani mtengo wotsikitsitsa umene munapatsapo munthu m'miyezi itatu yapitayi. Onjezanipo K1,000. Umenewo ndi mtengo umene katundu wanu angapezeke nawo mumsika.
- Kukonza: khalani ndi masitepe awiri okha, ndipo akhale oyandikana. Mwachitsanzo K3,900 pa dazeni, K3,700 kuyambira mabotolo 60. Kutsitsako kufanane ndi zimene mwapulumutsadi pogulitsa zambiri nthawi imodzi, monga ulendo umodzi m'malo mwa isanu. Kusakhale mphatso chifukwa munthu wabwera pa galimoto.

Chachiwiri: ali ndi katundu wakale. Mwakweza mtengo sabata yatha, iwo akugulitsabe amene anagula pamtengo wakale. Izi zimatha zokha m'masabata awiri kapena atatu. Onani tsiku lopangira pa lebulo. Ngati mabotolo otchipawo ndi akale, dekhani.

Chachitatu: anatenga pangongole ndipo akufuna ndalama yamsanga. Amene sanaikepo mpamba wake samva kuwawa kugulitsa pa K4,000 kuti apeze ya lendi. Mukaona mtengo wa wopikula watsika kufika pafupi ndi wa oda, onani m'buku la ngongole. Kawirikawiri dzina lake mulipeza.

Chachinayi: akukokera makasitomala. Golosale ina imatsitsa dala chinthu chimodzi kuti anthu alowe nkugula zina. Ngati wagula pamtengo wa aliyense ndipo walipira, ndi ufulu wake.

Chenjezo. Pamenepa ambiri amafuna kulemba pangano loti wopikula asagulitse pansi pa K5,000, apo ayi samupatsanso katundu. Imani kaye. Kulangiza mtengo ndi kukakamiza mtengo ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo kukakamiza ndi nkhani imene malamulo a mpikisano pa malonda amaiyang'anitsitsa. Ku Malawi bungwe loona zimenezi ndi CFTC. Mungathe kulemba pa lebulo kapena pa mndandanda wa mitengo kuti "mtengo wolangizidwa K5,000". Chimene chili m'manja mwanu ndi mtengo umene inu mumapikulitsira, kuchuluka kwa katundu woyambira oda, ndi amene mungamukongoze. Musaitanenso opanga chiponde anzanu kuti mugwirizane mtengo umodzi, chimenecho nacho chingakugwetseni m'mavuto.

Palinso funso loyenera kudzifunsa moona mtima: kodi pashopu pazizira chifukwa cha mtengo, kapena chifukwa munapikulitsa kwa okala imene ili mamita 50 kuchokera pakhomo panu? Botolo logulitsidwa pashopu limakusiyirani K2,000 yothandiza kulipira lendi, lopikulitsidwa K900. Kasitomala wanu akasamukira paokala yoyandikana nanu mwataya K1,100, pamene lendi ili pomwepo. Opikula ofunika ndi amene akufika kumene inu simufika.

## Chizindikiro 3: Maoda achuluka, koma mpamba ukunka nuchepa

Ichi chimapweteka chifukwa kunja zimaoneka ngati geni yakula. Mukugona mochedwa, makatoni akutuluka, koma pokagula mtedza wina ndalama sikukwana.

Choyambitsa chofala kwambiri: mukuwerengera ndi mtengo wa mtedza wakale. Mtedza umatchipa nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo umakwera mvula ikayamba, anthu akamafuna mbewu ndiponso wosungidwa ukamatha. Mtedza ukachoka pa K3,000 kufika K4,200 pa kilogalamu, makilogalamu 50 aja aonjezera K60,000, ndiye kuti K714 pa botolo. Botolo tsopano likudya K3,714. Mukapikulitsabe pa K3,900 mwatsala ndi K186, ndipo botolo limodzi likasweka ladya phindu la mabotolo 20. Pashopu vutoli limabisala chifukwa mpata wake ndi waukulu, koma pa oda limaluma nthawi yomweyo.

Zoterezi zinaonekera poyera mu Novembala 2023, ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anapitiriza kugulitsa potengera mtengo umene anagulira zipangizo anakapeza kuti ndalama imene atolera sikukwana kugula zina zochuluka chimodzimodzi.

- Kufufuza: funsani mtengo wa lero wa mtedza, mabotolo ndi makala, muwerengenso ngati kuti mukugula lero.
- Kukonza: chitani zimenezi mwezi uliwonse, tsiku lokhazikika. Phindu la oda likatsika pansi pa K600 pa botolo, nthawi yokweza yakwana. Malire amenewa mudziikire nokha zinthu zisanavute.

Chachiwiri: pali zimene simunaziwerengere. Zimene zimaiwalika kwambiri ndi mtedza wotayika posankha ndi popeta, malipiro anu, makatoni, mayunitsi a foni, ndi ndalama yodulidwa potapa pa Airtel Money kapena TNM Mpamba. Amene wagawa K252,000 ndi mabotolo 100, poganiza kuti makilogalamu 50 onse asanduka chiponde, amapeza K2,520 ndipo amadzinamiza ndi K480 pa botolo lililonse. Ndipo musayese kupulumutsa ndalama posiya kusankha mtedza wa chuku. Umenewo ndi poizoni, utayeni ndithu, mtengo wake ulowe m'masamu.

Chachitatu: ngongole. Dazeni limodzi losalipidwa lakudyerani K36,000 ya zipangizo ndi ntchito. Kuti muibweze mufunika kupikulitsa mabotolo 40 kwa anthu olipira. Mtengo wa oda ukhale wa ndalama pamanja. Wofuna kulipira pakatha masiku 14 akhale ndi mtengo wake, monga K4,050, ndipo asatenge wina asanamalize wakale.

Chachinayi: zaulere zazing'onozing'ono. Kupereka katundu pakhomo, kusinthira mabotolo amene akhalitsa, botolo limodzi la banyira pa dazeni. Banyira ameneyu yekha amatsitsa mtengo kuchoka pa K3,900 kufika K3,600, chifukwa K46,800 mwaigawa ndi 13. Sizoletsedwa, bola muzidziwa kuti mwapereka zingati.

## Chizindikiro 4: Aliyense akufuna mtengo wa oda

Apa zoyambitsa ndi ziwiri basi. Mwina simunaike malire omveka, kotero wogula mabotolo atatu akudzitcha wopikula, kapena mndandanda wa mitengo ya oda munauika pa WhatsApp pamene aliyense akuuona.

- Oda iyambire pa dazeni, lolipiridwa nthawi imodzi. Mawu oti "ndidzatenga ena mawa" asagwire ntchito.
- Mndandanda wa oda uperekedwe kwa amene mwawalemba m'kaundula ngati ogulitsa.
- Amayi a banki mkhonde kapena ogwira ntchito pa ofesi imodzi akasonkherana kugula dazeni kuti akadye okha, apatseni mtengo wapakati, monga K4,600. Asachoke manja lende, komanso asafanane ndi munthu amene akukhalira geni imeneyi.

## Chizindikiro 5: Mukakweza mtengo pamabuka mkangano

Chofala kwambiri: munakweza wa oda nkusiya wa pashopu. Mumaopa kuthawitsa makasitomala anu, ndiye mtolo wonse mwasenzetsa opikula. Oda ikafika K4,600 pashopu pali pa K5,000, mwini okala watsala ndi K400, ndipo akakweza yekha aoneka wodula kuposa mwini katundu. Mitengo iwiriyi iziyenda limodzi, tsiku limodzi.

Chachiwiri: munaonjezera ndalama yofanana mbali zonse. Izi zimaoneka zachilungamo koma sizili choncho kwenikweni. Mukaonjezera K700 uku ndi uku, oda ikhala K4,600 ndipo wogulitsira K5,700. Wopikula akudyabe K1,100, koma tsopano akufunika K55,200 kuti atenge dazeni limene ankatenga ndi K46,800. Mpamba wakwera, phindu lili pomwepo, gawo lake latsika kufika 19 peresenti. Kuti gawo lake lisasinthe:

```
4600 ÷ 0.78 = 5897
```

Ndiye mtengo wolangizidwa ukhale K5,900. Ngati msika sungalole kupitirira K5,700, kambiranani poyera kuti mugawane kupwetekako, mwina oda ikhale K4,500 kwa miyezi ya mvula yokha.

Chachitatu: anamva mochedwa. Wopikula amene wabwera ndi K46,800 yeniyeni, atalipira kale kabaza, nkuuzidwa pakhomo kuti mtengo wasintha, sakhululuka msanga. Adziwitseni masiku 7 kusanachitike. Koma ikani malire pa zimene angagule m'masiku amenewo, monga kuchuluka kumene amatenga nthawi zonse, kuopa kuti wa ndalama zambiri angasese katundu yense pamtengo wakale nkudzakupikisani naye mwezi wathunthu.

## Pamene muyenera kuima nkufuna katswiri

- Mwawerenga kawiri, masamu akuonetsa phindu, koma ndalama sikuoneka miyezi itatu yotsatizana. Pezani wodziwa kuwerengera ndalama za bizinesi aone mabuku. Mwina katundu akutuluka osalembedwa, ndipo kusintha mitengo sikungatseke bowo limenelo.
- Malonda akula moti mukuyandikira pofunika kulembetsa msonkho wa VAT, kapena wogula wamkulu akufuna lisiti ya msonkho. Funsani ku MRA kapena kwa mlangizi wa misonkho musanatchule mtengo, ndipo pa mndandanda mulembe ngati msonkho uli momwemo kapena ayi.
- Sitolo yaikulu yakupatsani pangano lolembedwa. Musasaine loya asanaliwerenge, makamaka ndime za masiku olipirira, kubweza katundu wosagulidwa, ndalama zodulidwa pa malonda otsitsa, ndi zokuletsani kugulitsa kwa ena. Sitolo zotere zimafunanso chiphaso cha MBS, bungwe loona za miyezo ya katundu, ndipo ndalama zopezera chiphasocho ziyenera kulowa mu K3,000 ija musanavomere mtengo.
- Wina akufuna kuti akhale yekha wogulitsa katundu wanu m'boma lonse, kapena mukufuna kulemba chilichonse chokhudza mtengo umene wopikula azigulitsira. Funsani loya kapena a CFTC kaye.
- Wopikula wakana kulipira ngongole yaikulu. Musapite kukalanda katundu paokala pake nokha. Sonkhanitsani malisiti, mauthenga a pafoni ndi tsamba la m'buku pamene anasaina, mupite nazo kwa loya kapena kubwalo la majisitireti.